Manambala otsikira ku √2, ndi momwe tidziwira kuti akufikadi

Lembani nambala 2. Tsopano gawani 2 ndi nambala mwalembayo, yankho muliphatikize ndi nambala yomweyo, kenako mutenge theka la zonse. Mupeza 1.5. Chitaninso chimodzimodzi ndi 1.5: mukagawa 2 ndi 1.5 mupeza 1.3333, kuphatikiza 1.5 zikhala 2.8333, theka lake 1.4167. Mukabwerezanso pa kakyuleta mupeza 1.4142157, kenako 1.4142136, ndipo kuyambira pamenepo makinawo aziwoneka ngati auma, chifukwa kusintha kotsala ndi kochepa kwambiri moti sikuwoneka.

Mwapanga mndandanda wa manambala umene nambala iliyonse imabadwa kuchokera ku inzake ya m'mbuyo. Nambala imene tili nayo tikaitcha x, lamulo lake ndi ili: yotsatira = (x + 2/x)/2. Lamuloli ndi lakale. Heron wa ku Alexandria analifotokoza m'buku lake lotchedwa Metrica m'zaka 100 zoyambirira Yesu atabadwa, pofunafuna nambala imene ukaichulukitsa ndi iyo yomwe ipereka 720. Ifeyo tikufuna imene ipereka 2, imene imalembedwa √2. Kale kwambiri Heron asanabadwe, pakati pa 1800 ndi 1600 BC, mlembi wina wa ku Babulo anailemba nambalayi pa phale la dongo molondola ndithu, pafupifupi 1.414213. Phalelo likusungidwa ku Yunivesite ya Yale ku Amereka pa nambala YBC 7289.

Wophunzira wachangu akawona mndandanda wotere amathamangira kuwerengera limiti yake, kutanthauza nambala imene mndandandawo ukuyandikira mosalekeza. Amati: limitiyo tiitche L. Manambala akayandikira L, ndiye kuti x ndi nambala yotsatira zonse zili pafupi ndi L, choncho L = (L + 2/L)/2. Pokonza bwino zimenezi zituluka L² = 2. Basi, watha, watseka kope.

Yankho walipeza, koma njira yakeyo ili ndi dzenje, ndipo dzenjelo lili m'mawu oyamba aja akuti "limitiyo tiitche L". Wapatsa dzina chinthu chimene sanatsimikize kuti chilipo. Taonani chimene chimachitika ndi lamulo lina lofanana kwambiri ndi la Heron, lakuti yotsatira = 2/x, tikayambira pa 1. Tipeza 2, kenako 1, kenako 2, kenako 1, mpaka kalekale. Mndandandawu sukuyandikira nambala iliyonse, ukungodumphadumpha pakati pa malo awiri. Koma wophunzira wathu akalemba L = 2/L apezanso L² = 2, nalengeza kuti limiti ndi √2, nambala imene mndandandawo sunaiyandikirepo n'kamodzi komwe. Palinso china choseketsa kuposa pamenepa. Lamulo lakuti yotsatira = 2x + 1, kuyambira pa 1, limapereka 1, 3, 7, 15, 31, manambala okulirakulira opanda polekezera. Kuwerengera komwe kuja kukuti L = 2L + 1, ndiye kuti L = −1. Mndandanda ukuthamangira kumwamba, pepala likuti wakakhala pansi pa ziro.

Kuwerengera kwa L kumangoyankha funso lakuti, ngati limiti ilipo, ingakhale nambala iti? Funso lakuti kodi ilipo liyenera kuyankhidwa padera, ndiponso poyamba. Kungoyang'ana pa kakyuleta sikukwanira. Mukamawonkhetsa 1 + 1/2 + 1/3 + 1/4 ndi kumapitirira, zowonjezerazo zimachepa mpaka mumaganiza kuti zaima. Pamafunika zigawo 12,367 kuti chiwonkhetso chidutse 10. Komabe Nicole Oresme wa ku France anasonyeza cha m'ma 1350 kuti chiwonkhetsochi chimadutsa nambala iliyonse imene mungatchule.

Chida chimene akatswiri a masamu amagwiritsa ntchito pano ndi mfundo yaifupi. Mndandanda umene umangotsika osakweranso, ndipo pali nambala ina imene sungaipitirire potsikapo, uli ndi limiti. N'chimodzimodzinso umene umangokwera koma uli ndi malire kumwamba. Zili ngati madzi a m'chitsime m'chilimwe: ngati tsiku lililonse akutsika kapena kukhala pomwepo, ndipo pansi pali thanthwe, payenera kukhala mlingo wina umene akulowera, kaya ndi pa thanthwe penipenipo kaya pamwamba pake. Mfundoyi imafuna zinthu ziwiri pamodzi, ndipo mindandanda yathu iwiri yonyenga ija uliwonse ukusowa chimodzi. Wa 1, 2, 1, 2 uli ndi malire koma sulowera mbali imodzi. Wa 1, 3, 7, 15 ukulowera mbali imodzi koma ulibe malire.

Tiyeni tiyese lamulo la Heron pa zinthu ziwirizi. Ndi bwino kuyamba ndi malire, chifukwa kawirikawiri umboni wa kutsika umadalira malirewo. Choyamba n'chapafupi: x ikakhala pamwamba pa ziro, 2/x nayo ili pamwamba pa ziro, choncho theka la chiwonkhetso chawo lilinso pamwamba pa ziro. Tinayambira pa 2, motero nambala yachiwiri ili pamwamba pa ziro, ndipo yachiwiriyo imapereka khalidweli kwa yachitatu, yachitatu kwa yachinayi, osaduka. Kaganizidwe kopatsirana kameneka ndi kamene kamatilola kunena za manambala osawerengeka titangoyang'ana sitepe imodzi yokha.

Chachiwiri chimafuna pensulo. Nambala yotsatira tiitche y. Tikaichulukitsa ndi iyo yomwe n'kuchotsa 2, zotsala zimakonzeka bwino kukhala y² − 2 = (x − 2/x)²/4. Mbali ya kumanjayi ndi nambala yochulukitsidwa ndi iyo yomwe, ndipo yotere singakhale pansi pa ziro. Ndiye kuti y² singachepere 2, kaya x inali chiyani. Yesani ndi x = 2: (2 − 1)²/4 ndi 0.25, ndipo 1.5² − 2 ndi 0.25 ndithu. Malire tawapeza. Nambala iliyonse ya mndandandawu, ukaichulukitsa ndi iyo yomwe, ipereka 2 kapena kuposerapo, motero palibe imene ingatsike ngakhale kufika pa 1.4, pakuti 1.4² ndi 1.96 chabe.

Kutsika tsopano kumabwera kokha. Tichotse nambala yatsopano ku yakale: x − y = (x² − 2)/(2x). Pamwamba pa fulakishoniyi pali x² − 2, imene tangosonyeza kuti siili pansi pa ziro, ndipo pansi pake pali 2x, imene ili pamwamba pa ziro. Choncho y singapose x. Mndandanda ukutsika, uli ndi malire, limiti ilipo.

Apa ndiye tili ndi chilolezo cholemba L. Manambala x akamayandikira L, otsatira ake y akuyandikiranso L, chifukwa ndi mndandanda womwewo, tangoyambira pa nambala yachiwiri. Pali kanthu kena kamene ambiri amakalumpha: kuti 2/x iyandikire 2/L, pafunika kuti L isakhale ziro. Malire a 1.4 aja atithandiza, pakuti manambala onse akakhala pamwamba pa 1.4, limiti yawo singakhale pansi pa 1.4. Tikalemba L = (L + 2/L)/2 n'kuchulukitsa mbali zonse ndi 2L, tipeza 2L² = L² + 2, ndiye kuti L² = 2. Manambala okwaniritsa zimenezi alipo awiri, √2 ndi −√2, ndipo malire omwe aja ndi amene atisankhira √2. Kusankhaku si mwambo chabe. Mutayambira pa −2 m'malo mwa 2, lamulo lomwelo lipereka −1.5, −1.4167, ndipo likakusiyani pa −√2. Mutayambira pa 1, mndandanda ukwera kamodzi kufika pa 1.5 kenako n'kuyamba kutsika. Zimenezo sizivuta, chifukwa manambala ochepa oyambirira sasintha kumene mndandanda ukulowera.

Onani kuti mfundo ija sinatiuze kuti limiti ndi malire amene tinagwiritsa ntchito. Ziro ndi malire a pansi a mndandandawu, 1 nayonso, 1.4 nayonso, koma limiti si iliyonse mwa zimenezi. Limiti ndi malire a pansi aakulu kuposa ena onse, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Malire aakuluwo tiwatche m. Tengani nambala ina iliyonse yoposa m pang'ono, kaya ndi kachidutswa kochepa bwanji. Nambala imeneyo singakhalenso malire, chifukwa m ndiye wamkulu, choncho payenera kukhala nambala ina ya mndandanda imene yatsika kuidutsa. Poti mndandanda sukweranso, manambala onse otsatira atsekeredwa m'kampata kameneko, pakati pa m ndi nambala yoposa pang'ono ija. Kampatako mungakachepetse mmene mungafunire, ndipo ndilo tanthauzo lenileni la kuyandikira.

Ine ndimawona kuti chokoma cha nkhaniyi chabisala m'mawu akuti "malire aakulu kuposa ena onse". Tadziwa bwanji kuti alipo? Manambala onse a Heron ndi mafulakishoni: 2, 3/2, 17/12, 577/408, 665857/470832. Koma Agiriki akale anasonyeza kuti palibe fulakishoni imene ukaichulukitsa ndi iyo yomwe ipereka 2. Munthu wodziwa mafulakishoni okhaokha angawone mndandanda ukutsika, uli ndi malire, koma pamalo pamene ukulowera angapezepo mpata wopanda nambala. Kwa iyeyo mfundo yathu ndi yabodza. Imakhala yowona pokhapokha tikavomereza kuti mzere wa manambala ulibe mipata, ndiponso kuti manambala monga √2 ali m'malo mwawo.

Bernard Bolzano wa ku Prague anagwiritsa ntchito maganizo a malire oterewa m'zolemba zake za mu 1817, koma panali pasanakhale tanthauzo lokhazikika la manambalawo. Richard Dedekind anakumana ndi vutoli maso ndi maso mu 1858, akuphunzitsa masamu ku sukulu ya ukachenjede ya ku Zürich. Atafika pa mfundo yomweyi, yakuti chinthu chokula mosalekeza koma chosadutsa malire chiyenera kuyandikira limiti, anapeza kuti alibe umboni wina koma kudalira chithunzi cha mzere. Sizinamukhutiritse. Pa 24 Novembala chaka chomwecho anapeza njira: kudula mafulakishoni onse m'magulu awiri, la kumunsi ndi la kumtunda, n'kunena kuti podulapo ndiye nambalayo. Kwa √2, gulu la kumtunda ndi mafulakishoni onse a pamwamba pa ziro amene ukawachulukitsa ndi iwo omwe amaposa 2, ndipo 3/2, 17/12 ndi 577/408 ali m'gulu limeneli. Anasindikiza ntchitoyi mu 1872, patapita zaka 14.