Mphindi 20 zokha: silaidi iliyonse itenge nthawi yotani?

Kalata yokuitanani kumsonkhano ikanena kuti mwapatsidwa mphindi 20, musawerengere kuti zonsezo ndi zanu. Ambiri amalakwitsa pomwepa, asanatsegule n'komwe laputopu. Amatenga 20 n'kugawa ndi chiwerengero cha masilaidi amene ali nawo, n'kumati zatheka. Tsiku la msonkhano wapampando amakweza kapepala kolembedwa kuti kwatsala mphindi ziwiri iwo ali pakati penipeni pa nkhani, ndipo zotsalazo amazidutsa mwaliwiro, uku akubwereza kuti "apa tingodumpha chifukwa cha nthawi". Chomvetsa chisoni n'chakuti zodumphidwazo nthawi zambiri ndi zomwe anthu anabwerera: zimene zapezeka ndi zoyenera kuchita.

Choyamba ndi kufunsa okonza msonkhano funso limodzi: kodi nthawi ya mafunso ili m'kati mwa mphindi 20 zomwezi, kapena ili payokha? M'misonkhano yambiri ya zakafukufuku ili m'kati momwemo, mphindi 15 zolankhula ndi 5 za mafunso. Ndiye mwatsala ndi 15. Pamenepa chotsaninso imodzi, chifukwa wotchi ya wapampando imayamba dzina lanu likangotchulidwa, pamene inu mukuyendabe kupita kutsogolo, kulumikiza laputopu ku pulojekita ndi kuyesa ngati maikolofoni ikumveka. Zanu zenizeni ndi mphindi 14.

Pali malamulo angapo amene anthu amauzana pa nkhaniyi. Lodziwika kwambiri ndi lakuti silaidi imodzi, mphindi imodzi. Guy Kawasaki, yemwe anagwirapo ntchito ku kampani ya Apple, anatchukitsa lake lotchedwa 10/20/30: masilaidi 10, mphindi 20, zilembo zosachepera saizi 30. Iye ankalangiza anthu opita kukapempha ndalama zoyambira bizinesi. Ku Tokyo, mu 2003, akatswiri olemba mapulani a nyumba Astrid Klein ndi Mark Dytham anayambitsa PechaKucha, pomwe masilaidi 20 amasintha okha, iliyonse masekondi 20, nkhani yonse n'kutha pa mphindi 6 ndi masekondi 40. Taonani kusiyana kwake: wina akuti mphindi ziwiri pa silaidi, ena akuti masekondi 20, ndipo onsewa njira zawo zimagwira ntchito. N'chifukwa chakuti silaidi si muyeso wa nthawi. Chithunzi chimodzi chachikulu munthu amachimvetsa asanaphethire kawiri, koma tebulo la manambala limafuna kuti wina amuyendetse mzere ndi mzere.

Choncho malamulowa angokuthandizani kudziwa ngati mwapitirira muyeso. Ngati muli ndi masilaidi 40 odzaza mawu pa mphindi 14, musavutike kuwerengera, chotsani kaye. Koma kugawa kwenikweni kumafuna kuti silaidi iliyonse muiyeze kulemera kwake payokha.

Tiyerekeze mlangizi wa zaulimi amene akukafotokoza kumsonkhano wa paboma za kasungidwe ka chimanga. Wayerekeza matumba osalowa mpweya a PICS ndi matumba wamba othira mankhwala, ndipo akufuna kuti akuluakulu avomereze kufalitsa njira imene yachita bwino. Ali ndi masilaidi 11. Atagawa mofanana, iliyonse ingapeze pafupifupi mphindi imodzi ndi masekondi 16. Nambala imeneyi ndi yopanda ntchito kwa iye, chifukwa silaidi ya mutu siifuna nthawi yonseyo, pomwe ya zotsatira siingakwane m'menemo.

Ayambe ndi zolemera, asanaganize za moni. Masilaidi amene asenza nkhani yake ndi anayi. Ya nambala 5 ikufotokoza mmene anachitira kafukufukuyo, ndipo aipatse mphindi ziwiri. Ya nambala 6 ndi galafu yoonetsa kuchuluka kwa chimanga chofumbwa pa njira iliyonse miyezi ikamapita. Ya nambala 7 ndi tebulo la ndalama zimene mlimi angawononge pa njira iliyonse. Ziwirizi zitenge mphindi ziwiri ndi theka iliyonse. Ya nambala 10, ya zimene akupempha kuti zichitike, itenge mphindi ziwiri. Zonse pamodzi ndi mphindi 9 mwa 14 zija, zathera pa masilaidi anayi okha. Umu ndi mmene ziyenera kukhalira.

Galafu imadya nthawi chonchi chifukwa inu mwakhala mukuiyang'ana kwa milungu, pomwe omvera akuiona koyamba, ena ali kumbuyo kwenikweni kwa holo. Muyenera kunena kaye kuti mzere wogona ukuimira miyezi, woimirira ukuimira kuchuluka kwa chimanga choonongeka, mtundu wofiira ndi matumba awa, wobiriwira ndi awa. Theka la mphindi latha musananene chilichonse chimene mwapeza. Kenako mumawasiya ayang'ane pang'ono, n'kuwalozera pamene mizere iwiriyo yayamba kutalikirana, n'kunena tanthauzo lake kwa mlimi. Wokamba amene amaipatsa galafu mphindi imodzi amangoionetsa, anthu n'kugwedeza mitu mwaulemu osatolapo kanthu.

Mphindi 5 zotsalazo azigawire masilaidi 7 opepuka. Mutu ndi moni, masekondi 45. Chithunzi cha chimanga chodyedwa ndi anankafumbwe pamodzi ndi kufotokoza vuto, mphindi imodzi ndi masekondi 15. Funso la kafukufuku theka la mphindi, mapu a midzi imene anagwiramo ntchito thekanso. Akafika apa mphindi zitatu zatha ndipo akulowa mu silaidi 5. Pambuyo pa tebulo la ndalama pali zithunzi za alimi akumanga matumba, theka la mphindi, ndi zovuta zimene anakumana nazo, mphindi imodzi. Yomaliza, yothokoza ndi kuitana mafunso, theka la mphindi.

Masekondi 45 a moni ndi ovuta kuwasunga kuno kwathu. Pamsonkhano pali bwana DC, mafumu, makhansala, akuluakulu a nthambi zosiyanasiyana, ndipo mtima umafuna kutchula aliyense ndi udindo wake wonse. Mukatero mphindi ziwiri zimapita, ndipo wolipira ndi silaidi 10 ija. Ngati mwambo wa malonje unachitika kale potsegulira msonkhano, lemekezani wapampando ndi mlendo wolemekezeka, ena onse muwaphatikize m'chiganizo chimodzi chaulemu. Ngati ndinu woyamba kulankhula ndipo mwambo ukufunadi kutchula maina, palibe cholakwika, koma lembani mphindi ziwirizo papepala ndipo muchotse silaidi ina kuti zipeze malo.

Manambala onsewa ndi ongoganizira mpaka mutayesa ndi pakamwa. Kuwerenga chamumtima n'konyenga, chifukwa maso amathamanga kuposa lilime. Imirirani, lankhulani mokweza ngati anthu alipo, wotchi ikuyenda. Mu PowerPoint, pansi pa Slide Show pali Rehearse Timings, imene imalemba nthawi yomwe mwakhala pa silaidi iliyonse ndi nthawi yonse pamodzi. Mukamaliza imakufunsani ngati mukufuna kusunga nthawizo, ndipo mukavomera mumaziona pansi pa silaidi iliyonse mu Slide Sorter. Koma pali msampha. Nthawi zosungidwazo zimachititsa kuti masilaidi azisintha okha tsiku la msonkhano, inu musanamalize kulankhula. Chotsani kachizindikiro pa Use Timings musanatseke kompyuta. Wopanda pulogalamuyi angagwiritse ntchito wotchi ya pafoni ndi pepala, n'kumalemba nthawi posintha silaidi iliyonse.

Mlangizi wathu akayesa koyamba n'kupeza mphindi 17, asaganize zolankhula mofulumira. Liwiro limabweza masekondi ochepa chabe, ndipo limathawitsa omvera. Ayang'ane kumene mphindi zitatu zowonjezerazo zalowa. Kawirikawiri zimapezeka kumayambiriro, pa mbiri ya vuto, chifukwa ndi gawo limene munthu amalidziwa bwino ndipo pakamwa pamakoma. Silaidi ikapitirira mphindi zitatu, ndiye kuti mwina muli mfundo ziwiri zofunika kuzilekanitsa, kapena muli zina zosafunika. Mapu aja akhoza kulowa pakona pa silaidi 5. Zatsatanetsatane zimene wina angafunse aziike pa masilaidi osungira kumapeto, kuseri kwa yomaliza, kuti azitulutse pokhapokha funso litabwera. Ndipo ayesenso mpaka nthawi izigwera pa 14 kapena kucheperapo pang'ono, poti pamaso pa anthu pamabwera zimene kunyumba kunalibe: kuseka, kudikira wina akhale pansi, chitsanzo chimene changobwera m'mutu.

Ali pamalo olankhulira, palibe amene angakumbukire nthawi za masilaidi 11. N'zosafunikanso. Zokwanira ndi zizindikiro ziwiri zolembedwa pakapepala, zowerengedwa kuchokera pamene wayamba kulankhula: pofika mphindi 5 akhale akutsegula galafu ya pa silaidi 6, ndipo pofika mphindi 11 ndi theka akhale pa silaidi 10. Presenter View imaonetsa wotchi pa laputopu yake yokha, omvera osaiona. Akaona kuti mphindi 6 ndi theka zakwana iye akungofika kumene pa galafu, wachedwa ndi mphindi imodzi ndi theka, ndipo njira yobwezera anaikonzeratu kunyumba. Masilaidi 8 ndi 9, a zithunzi ndi zovuta, amatenga mphindi imodzi ndi theka ndendende. Akamaliza tebulo la ndalama alembe 10 pa kiyibodi n'kudina Enter, ndipo PowerPoint idzalumphira pa silaidi 10 popanda kuonetsa zodumphidwazo. Omvera sadziwa n'komwe kuti pasowa kanthu, ndipo iye safunika kupepesa.

Zinthu ziwiri zimasokoneza masamu onsewa. China ndi womasulira. Ngati mukulankhula Chingerezi wina n'kumamasulira m'Chichewa kapena m'Chitumbuka chiganizo ndi chiganizo, mawu aliwonse akunenedwa kawiri, ndiye mphindi 14 zasanduka pafupifupi 7. Apa kufupikitsa silaidi iliyonse sikuthandiza. Mlangizi uja angatsale ndi zisanu zokha: vuto, njira mwachidule, galafu, tebulo ndi pempho. Ngakhale popanda womasulira, ngati masilaidi ali m'Chingerezi koma mudzafotokoza m'Chichewa, yesererani m'Chichewa momwemo, chifukwa nthawi imene munayeza m'chinenero china siidzafanana.

Chinacho ndi pulogalamu ya tsikulo ikachedwa. Oyamba adya nthawi, nsima yapsa, wapampando akukunong'onezani kuti mungotenga mphindi 10. Amene anayeza kulemera kwa silaidi iliyonse sasowa pogwira, chifukwa akudziwa kale kuti zinayi zolemera zija zimatenga mphindi 9. Apereke moni ndi kutchula vuto mumphindi imodzi, alembe 5 n'kudina Enter, adutse 6 ndi 7, alumphire pa 10, ndipo mafunso akawayankhire pa nthawi ya chakudya.