Gemu Ikangozima Yokha Osanena Chavuta

Pulogalamu yoyatsira magemu, monga Steam, ndi yosiyana ndi gemu yeniyeniyo. Munthu akadina Play, ntchito yake ndi kungouza Windows kuti itsegule fayilo ya gemu, basi. Zochitika pambuyo pake siziidziwa kwenikweni. Gemu ikafa pakamphindi koyambako, batani limangobwerera pa Play ngati palibe chachitika.

Gemu isanaonetse chithunzi chilichonse, Windows imayamba yasonkhanitsa mafayilo othandizira otchedwa DLL, omwe gemu imadalira. Imodzi ikasowa, Windows imaimitsa zonse pomwepo, malangizo a gemuyo asanayambe n'komwe kugwira ntchito. Choncho gemu ilibe mpata wodandaula, chifukwa mbali yake yolemba mauthenga imakhala isanadzuke. Windows payokha ikanatha kuchenjeza, koma pulogalamu yoyatsira ina imatsekereza mauthenga otere, ndipo gemu yomwe yayatsidwa imatengera lamulo lomwelo.

Chomwe chimasokoneza anthu ambiri ndi gemu ya 32-bit pa Windows ya 64-bit. Gemu yotere ingafune fayilo ya MSVCP140.dll, yomwe imabwera ndi Microsoft Visual C++ Redistributable. Mwini kompyuta amaona kuti pulogalamuyi ilimo kale, osadziwa kuti ilimo ya x64 yokha, pomwe gemu ikufuna ya x86. Njira yodziwira ndi yosavuta: kulowa mufoda ya gemu ndi kutsegula fayilo yake ya .exe mwachindunji. Nthawi zambiri uthenga wobisika uja umatulukira, n'kutchula dzina la fayilo yosowayo. Mankhwala ake ndi kuika vc_redist.x86.exe yochokera ku Microsoft. Kutola DLL imodziimodzi pamasamba osadziwika n'koopsa: imatha kubwera ndi vairasi, ndipo ikakhala ya 64-bit pomwe pakufunika ya 32-bit, gemu imakanabe ndi nambala ya 0xc000007b.

Ngati gemu inayamba pang'ono kenako n'kugwa, umboni umatsala mu Event Viewer, yomwe imatsegulidwa polemba izi pa Run:

```
eventvwr.msc
```

Pansi pa Windows Logs, m'gawo la Application, pamapezeka Application Error ya nambala 1000 yogwirizana ndi nthawi imene gemu inazima. Mizere iwiri ndiyo yofunika. Faulting module name imatchula fayilo yomwe vuto lachitikira, ikakhala nvwgf2umx.dll, wokayikiridwa ndi dalaivala wa khadi la zithunzi la NVIDIA, ndipo kuika watsopano kumathandiza kawirikawiri. Exception code imanena mtundu wa vutolo.

Nambala ya 0xc000001d ndi yofunika kuidziwa msanga. Imatanthauza kuti purosesa yapatsidwa lamulo lomwe silidziwa. Magemu ambiri atsopano amafuna malamulo a AVX, omwe anayamba kupezeka mu 2011, ndipo mapurosesa ambiri a Celeron ndi Pentium opangidwa pambuyo pake analibebe. Zikatero, kuchotsa gemu n'kuiikanso ndi kungotaya bandulo, chifukwa chosowacho chili m'purosesa momwemo.