Mapipu asanu, imodzi n'ja buloka

Aliyense amene anafikapo pamalo osinthira ndalama ku Blantyre kapena ku Lilongwe anaona kuti pabolodi pamakhala mitengo iwiri ya dola: wina wogulira, wina wogulitsira. Munthu atagula madola pawindo n'kuwagulitsa pompo asanasunthe phazi, makwacha amene angabwerere m'thumba mwake angakhale operewera. Palibe amene wamubera. Mpata wa pakati pa mitengo iwiriyo ndi umene umadyetsa mwini bizinesi. Pamsika wa ndalama za maiko wa pa intaneti, umene achinyamata amangouti foreksi, mpata umenewu umatchedwa sipuredi, ndipo ndi wochepa kwambiri moti ambiri saulabadira n'komwe.

Amene umawapweteka kwambiri ndi ochita malonda a sikalupingi. Awa ndi anthu amene sadikira mtengo kuti uyende ulendo wautali. Amagula, n'kugulitsa pakangotha mphindi imodzi kapena zisanu, kutola kaphindu kakang'ono, kenako n'kulowanso. Ena amachita zimenezi ka 20 patsiku, ena kuposa apo. Maganizo ake ndi omveka ndithu: tiphindu tating'ono tikaunjikana tisanduka mulu. Koma chindapusa nachonso chimaunjikana, ndipo icho sichiphonya tiredi ngakhale imodzi.

Kuti nkhaniyi ioneke bwino pakufunika mawu awiri okha. Loyamba ndi pipu, muyeso wa kusuntha kwa mtengo. Pa EUR/USD, kumene yuro imagulidwa ndi dola ya ku Amereka, mtengo ukachoka pa 1.0850 kufika pa 1.0851 ndiye kuti wasuntha ndi pipu imodzi. Lachiwiri ndi loti, muyeso wa kukula kwa tiredi. Loti yathunthu ndi mayuro 100,000, ndipo pipu imodzi pamenepo ndi $10. Wogula loti ya 0.1 wagwira mayuro 10,000, choncho pipu iliyonse kwa iye ndi $1. Muyeso umenewu ndi umene ukugwiritsidwa ntchito m'chitsanzo chotsatirachi chifukwa masamu ake savuta.

Tangoganizani mnyamata amene waika $500 mu akaunti yake ndipo watsegula MetaTrader pafoni. Pa EUR/USD pakuoneka Bid 1.0850 ndi Ask 1.0851. Wogula amagula pa Ask, mtengo wokwera, ndipo pogulitsa amagulitsa pa Bid, mtengo wotsika. Mnyamatayu wakonza zoti msika ukasuntha ndi mapipu 5, kaya kukwera kaya kutsika, azituluka. Akangodina Buy, pansi pa sikirini pamalembeka -1.00. Msika sunasunthe, koma dola imodzi yapita kale.

Msika ukamukomera, Bid imakwera kufika pa 1.0855. Iye anagula pa 1.0851, ndiye phindu lake ndi $4, osati $5. Ukamutembenukira, Bid imatsika kufika pa 1.0845, ndipo waluza $6. Msika wayenda mtunda wofanana mbali zonse ziwiri, koma kuwina kukumupatsa 4 pamene kuluza kukumulanda 6.

Apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yonse. Tinene kuti mnyamatayu ndi waluso ndithu, ndipo pa matiredi 100 alionse amalosera molondola ka 55. Limeneli si luso lamasewera, chifukwa pamphindi zochepa chonchi mtengo umangoyenda uku ndi uku mosalosereka. Pakanapanda chindapusa, matiredi 55 opambana akanamupatsa $275, olephera 45 akanamulanda $225, ndipo akanatsala ndi phindu la $50. Koma sipuredi ikalowapo, 55 kuchulukitsa ndi 4 ndi $220, pamene 45 kuchulukitsa ndi 6 ndi $270. Phindu la $50 lija lasanduka kuluza $50. Kusiyana kwake, $100, ndi dola imodzi-imodzi ya matiredi 100 aja.

Nanga ayenera kuwina kangati kuti angobweza yake? Masamu ake ndi awa, pamene W ndi mapipu amene akufuna kupeza, L ndi amene walola kuluza, ndipo C ndi chindapusa chonse cha tiredi imodzi chitawerengedwa m'mapipu:

```
p = (L + C) / (W + L)
p = (5 + 1) / (5 + 5) = 0.60
```

Ayenera kulosera molondola ka 60 pa 100 alionse kuti atuluke chimanjamanja, wopanda phindu wopanda ngongole. Munthu wina amene amasaka mapipu 50 ndi kulola kuluza 50, kwa buloka yemweyo ndi sipuredi yomweyo, amafunika 51 pa 100 basi. Pipu imodzi kwa iye ndi 2 peresenti ya chimene akusaka. Kwa wasikalupingi wosaka mapipu 5, pipu yomweyo ndi 20 peresenti. Chindapusa sichisintha, chimene chimasintha ndi kukula kwa mbale imene chikutapamo.

Mwezi ukatha ndi pamene zimaoneka poyera. Matiredi 20 patsiku kwa masiku 20 ndi matiredi 400, kutanthauza $400 ya sipuredi yokha pa mpamba wa $500. Ndi luso lake lija la 55 pa 100, mnyamatayu wawina ka 220 n'kupeza $880, waluza ka 180 n'kutaya $1,080, ndipo mu akaunti mwatsala $300. Pamsika weniweniwo iye anapambana ndi mapipu 200. Buloka sanalosere chilichonse, sanagone mochedwa kuyang'ana tchati, koma gawo lake ndi lowirikiza kawiri zimene mnyamatayo anakolola. N'zomvetsa chisoni kuti munthu wotereyu nthawi zambiri amadziimba mlandu woti njira yake yolosera ndi yolakwika, n'kulipira maphunziro ena kapena kugula masigino, pamene chomwe chikumutha ndi masamu a pulayimale amene palibe anamuonetsa.

Ena amathawira ku akaunti zimene mabuloka amazitcha Raw kapena Zero, zimene sipuredi yake imatha kutsika kufika pa 0.2 kapena kucheperapo. Kumeneko buloka amadula komishoni, ndipo mtengo wofala ndi pafupifupi $3.50 pa loti yathunthu polowa ndi $3.50 ina potuluka. Pamodzi ndi $7 pa loti, ndiye kuti masenti 70 pa loti ya 0.1, zofanana ndi pipu 0.7. Kuphatikiza ndi sipuredi ya 0.2, chindapusa chonse ndi 0.9. Mulingo wobwezera uja watsika kuchoka pa 60 kufika pa 59 pa 100. Zathandizako, koma mawu oti Zero amalonjeza zambiri kuposa zimene akaunti yake imapereka.

Komanso sipuredi siikhala malo amodzi. Imachepa pamene misika ya London ndi New York yatsegula nthawi imodzi, omwe ndi masana mpaka madzulo pa nthawi ya kuno, chifukwa ogula ndi ogulitsa amakhala ochuluka. Imakula nthawi ikakwana 5 koloko madzulo ku New York, pamene tsiku la malonda limatsekedwa. Ku Malawi, Zambia ndi Mozambique imakhala 11 koloko usiku kapena 12 koloko, kutengera nyengo ya ku Amerekako. Imeneyi ndi nthawi imene munthu wogwira ntchito masana amapeza mpata wogwira foni. Sipuredi ikafika pa mapipu 3, mulingo uja umakhala 80 pa 100, ndipo kulowa pamenepo n'cholinga cha mapipu 5 n'kungopereka ndalama. Zimachitikanso chimodzimodzi boma la Amereka likamatulutsa chiwerengero cha anthu olembedwa ntchito, kawirikawiri Lachisanu loyamba la mwezi.

Nthawi ngati zimenezi zimabweretsanso vuto lina, la kutsetsereka kwa mtengo. Stop Loss si lonjezo loti tiredi idzatsekedwa pamtengo womwe munthu analemba. Ndi lamulo loti mtengowo ukafikidwa, tiredi itsekedwe pamtengo wotsatira umene ulipo. Ngati tiredi iliyonse yolephera itsetsereka ndi theka la pipu, kuluza kumakhala 6.5 pamene kuwina kudakali 4, ndipo mulingo umayandikira 62 pa 100. Netiweki yochedwa ya foni imawonjezera pamenepo kwa amene amatseka tiredi ndi chala.

Pali chinthu china chimene chimakwiyitsa ongoyamba kumene mpaka kuganiza kuti aberedwa. Tchati cha MetaTrader chimajambulidwa ndi mtengo wa Bid. Koma munthu amene analowa ndi Sell amatuluka pogula, ndiye kuti pa Ask, mtengo umene tchati sichisonyeza pokhapokha mzere wake utayatsidwa m'makonzedwe. Sipuredi ikakula mwadzidzidzi, Ask imagunda Stop Loss, tiredi n'kutsekeka, pamene kandulo ya patchati sinafike n'komwe pamzerewo. Mabuloka achinyengo aliko, koma pa nkhani iyi nthawi zambiri wolakwa amakhala sipuredi.

Zotsatira zake zimaoneka m'ziwerengero zimene zilipo. Mu 2018, bungwe loyang'anira misika ya zachuma ku Ulaya la ESMA linanena kuti pakati pa 74 ndi 89 peresenti ya maakaunti a anthu wamba ochita malonda a CFD, omwe ndi kubetcherana pa kusuntha kwa mitengo, amaluza ndalama, ndipo linalamula mabuloka kuti azilemba poyera kuchuluka kwa makasitomala awo amene amaluza. Ku Brazil, akatswiri a zachuma Fernando Chague, Rodrigo De-Losso ndi Bruno Giovannetti anafufuza anthu amene anayamba malonda ogula ndi kugulitsa tsiku lomwelo pakati pa 2013 ndi 2015. Mwa amene analimbikira kupitirira masiku 300, okwana 97 peresenti analuza. Ziwerengerozi si za sikalupingi yokha, ndipo chindapusa si chifukwa chokhacho. Koma mwa zifukwa zonse, ichi n'chimene munthu angachiwerengere asanaike ndalama yake.

Amene wayamba kale angathe kudziyesa ndi mbiri ya akaunti yake. Mu History muli Commission ndi Swap, zomwe zimalembedwa poyera, koma sipuredi ilibe mzere wakewake chifukwa inadulidwa kale mkati mwa Profit. Ndiye ayenera kuiwerengera yekha: chiwerengero cha matiredi a mwezi, kuchulukitsa ndi sipuredi imene amaiona polowa, kuchulukitsanso ndi mtengo wa pipu pa loti yake, n'kuphatikizapo komishoni. Ndalama imeneyo aiwonjezere pa zotsatira za mweziwo. Yankho likakhalabe pansi pa ziro, vuto lili pa kulosera kwake. Likakwera pamwamba pa ziro, monga mnyamata uja amene -200 yake ikusanduka +200 akabwezeramo $400, ndiye kuti luso lilipo koma mapipu 5 ndi ochepa kuti alisenze. Ndi 55 pa 100 yomweyo, atasaka mapipu 20 mbali zonse, mulingo wake ungatsike kufika pa 52.5, ndipo matiredi 100 angamusiyire $100. Angafunike kudikira maola m'malo mwa mphindi, komanso kuchepetsa loti, popeza tiredi imodzi yolephera ingamulande $21 pa $500 yake.