Aphunzitsi Akuoneka Koma Sakumveka: Kumvetsa Mabatani a Zoom

Kalasi ya pa intaneti nthawi zambiri imafera m'mphindi khumi zoyambirira, phunziro lenilenilo lisanayambe n'komwe. Aphunzitsi akulankhula, milomo ikugwedera, koma mawu kulibe. Wophunzira wina wakakamira panja, akudikira kuti amutsegulire. Wina akumveka bwinobwino pamodzi ndi tambala wa pakhomo pawo, iye osadziwa. Ambiri amangoti netiweki yavuta, chonsecho vuto lili pa timawu tochepa tolembedwa m'munsi mwa sikirini.

Zoom, pulogalamu imene Eric Yuan anayambitsa kampani yake mu 2011, inafala kwambiri mu 2020 sukulu zitatsekedwa chifukwa cha mliri wa korona. Imapezeka m'Chingelezi, Chifalansa, Chipwitikizi ndi zinenero zina zingapo, koma ya Chichewa kulibe. Pa foni imatsata chinenero chimene foniyo inatcheredwa, n'chifukwa chake wa ku Dedza amaona Waiting Room pamene mbale wake wa ku Angonia, wokhala ndi foni ya Chipwitikizi, amaona Sala de espera. Mwayi wake ndi woti mawu ofunikadi pa kalasi ndi ochepa, ndipo onse amazungulira pa zinthu zinayi: maikolofoni, kamera, kuonetsa sikirini ndi chipinda chodikiriramo.

Titenge chitsanzo cha mphunzitsi wa masamu amene akukonzekeretsa ana khumi ndi awiri mayeso a Fomu 4. Iye ali pa laputopu, anawo ali pa mafoni a Android, ena obwereka kwa makolo. Wakonza msonkhano podina Schedule, watumiza linki pa gulu la WhatsApp pamodzi ndi Meeting ID ndi Passcode, kuti amene linki yamukanika alembe yekha manambalawo. Popeza akugwiritsa ntchito Zoom yaulere, akudziwa kuti msonkhano umadulidwa pakatha mphindi 40, ngakhale umalola anthu okwana 100. Phunziro lake waligawa pawiri, ndipo anawo wawauziratu kuti ikaduka adinenso linki yomweyo.

Msampha woyamba umabwera mwana asanalowe n'komwe m'kalasi. Zoom ikatsegulidwa koyamba, foni imafunsa ngati pulogalamuyi iloledwe kugwiritsa ntchito maikolofoni ndi kamera. Funso limeneli ndi la foni, si la Zoom. Yankho loyenera ndi While using the app kapena Allow, koma mwana wamantha, amene anauzidwa kuti asamavomere zilizonse pa foni ya bambo ake, amadina Don't allow. Zikatero palibe batani la mkati mwa Zoom limene lingathandize. Pamafunika kutuluka, kupita ku Settings ya foni, kenako Apps, kusankha Zoom, kulowa pa Permissions n'kuloleza Microphone ndi Camera. Pa laputopu ya Windows 11 loko wofananayo ali pa Privacy & security.

Msampha wachiwiri ndi umene umagwira anthu ambiri. Kulowa mumsonkhano ndi kulumikiza mawu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mwana akangolowa, pamabwera kabokosi kofunsa njira yomvera, ndipo ayenera kusankha Wifi or Cellular Data, kapena Join with Computer Audio ngati ali pa kompyuta. Akakatseka osawerenga, amaona aphunzitsi koma samva kalikonse, ndipo nayenso samveka. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona. Pakona ya m'munsi kumanzere, pamene pamayenera kukhala kachithunzi ka maikolofoni, pamakhala ka mahedifoni kolembedwa Join Audio. Mphunzitsi nayenso angathe kuzindikira ali patali: akatsegula Participants, mndandanda wa onse amene alowa, dzina la mwanayo silikhala ndi kamaikolofoni pambali pake. Kumukuwira sikuthandiza poti sakumva, choncho amamulembera pa Chat kapena pa WhatsApp kuti adine kamahedifoniko.

Mawu akalumikizidwa, pamatsala chinthu chimodzi chimene chimasokoneza ngakhale odziwa Chingelezi. Mawu olembedwa pa batani amanena zimene zichitike munthu akalidina, osati mmene zinthu zilili panthawiyo. Batani likamati Mute, ndiye kuti maikolofoni ndi yotsegula, aliyense akumva, ndipo kudinako n'kumene kuitseke. Likamati Unmute, maikolofoni ndi yotseka. Mwana amene wawerenga Mute n'kuganiza kuti watsekeredwa ndi uja amamveka akukalipira mng'ono wake pakati pa phunziro. N'chimodzimodzi ndi kamera: Start Video akutanthauza kuti kamera ndi yozima, Stop Video kuti ikuyaka.

Chodalirika kuposa mawu ndi kamzere kofiira kodutsa pa kachithunzi. Kakakhalapo, chinthucho n'chotseka. Izi n'zofunika chifukwa Zoom imasinthasintha mayina a mabatani. Pa makompyuta amene ali ndi pulogalamu ya kuyambira 2024, mabataniwa angolembedwa Audio ndi Video basi, koma kamzereko kalipobe, ndipo kamaoneka chimodzimodzi m'chinenero chilichonse. Komanso munthu akamalankhula, mkati mwa kamaikolofoni mumakwera mtundu wobiriwira. Ukapanda kukwera chonsecho kamzere kulibe, ndiye kuti Zoom ikumvetsera maikolofoni ina, mwina ya mahedifoni amene ali m'chikwama koma akadali olumikizidwa pa Bluetooth. Pa kompyuta, kamuvi ka pambali pa batanilo kamatsegula mndandanda wa Select a Microphone, ndipo pomwepo pali Test Speaker & Microphone, pamene munthu amalankhula n'kudzimvera yekha. Mphunzitsi wathu amachita zimenezi kalasi isanayambe.

Iye ali ndi mphamvu yotseka maikolofoni za ana onse nthawi imodzi podina Mute All, koma sangatsegule ya munthu mwakufuna kwake. Chimene angachite n'kudina Ask to Unmute, ndipo mwanayo amalandira pempho loti avomere. Phokoso lija lobwerezabwereza, lomaliza ndi kulira kwa tswiii, limabwera pamene zipangizo ziwiri zalumikiza mawu m'chipinda chimodzi, monga ana awiri oyandikana nyumba akakhala pa mkeka umodzi aliyense ndi foni yake. Kutseka maikolofoni imodzi yokha sikukwanira nthawi zonse. Mmodzi ayenera kudina Disconnect Audio, onse azimvera pa foni imodzi.

Nkhani ya kamera ndi yaifupi, koma ndi imene imakhudza thumba. Malinga ndi ziwerengero za Zoom, mawu okha amafuna makilobiti 60 mpaka 80 pa sekondi, zomwe ndi mamegabaiti osapitirira 40 pa ola. Kanema wooneka bwino amafuna makilobiti 600, kutanthauza mamegabaiti pafupifupi 270 pa ola, ndipo kumeneku n'kulandira kokha, kutumiza kusanawerengedwe. Pa chifukwa ichi mphunzitsiyu amauza ana kuti ayatse makamera popatsana moni, kenako azimitse kuti bandulo isathere panjira. Kamera ikaonetsa mdima wokhawokha pa laputopu, kawirikawiri ndi kachitseko kake kamene katsekedwa, kapena pulogalamu ina yaigwira kale.

Tsopano afike pa funso la masamu limene walikonza. Batani lobiriwira lolembedwa Share Screen, kapena Share, limatsegula bokosi la zithunzi zingapo. Choyamba, cholembedwa Screen kapena Entire screen, chimaonetsa chilichonse chimene chili pa laputopu, kuphatikizapo mauthenga amene angatulukire mwadzidzidzi. Zinazo ndi mawindo a mapulogalamu amene ali otsegula, ndipo kusankha limodzi mwa amenewa kumaonetsa lokhalo. Mphunzitsi amene sakufuna kuti ana aone uthenga wa alamu ake wokumbutsa ngongole amatsegula kaye pepala la mafunso, kenako n'kusankha windo lakelo. Malire obiriwira ozungulira windolo ndi amene amatsimikiza zimene anawo akuona. Ngati akuonetsa kanema, ayenera kuchonga Share sound asanayambe, apo ayi ana aona zithunzi zoyenda zopanda mawu. Pomaliza amadina Stop Share, batani lofiira limene limakhala pamwamba pa sikirini.

Mwana akafuna kuonetsa mmene wasovera funso, nthawi zambiri amakumana ndi uthenga woti Host disabled participant screen sharing. Foni yake sinawonongeke. Host ndi mwini msonkhano, amene pano ndi mphunzitsi, ndipo ndi yekhayo angaloleze ana kuonetsa, kudzera pa Security, imene m'mapulogalamu atsopano ikutchedwa Host tools. Akaloleza, mwanayo amadina Share, n'kusankha Screen, ndipo foni imamuchenjeza kuti zonse za pa sikirini ziyamba kuoneka. Njira yachidule pa masamu n'kujambula tsamba la kope n'kusankha Photo, kuti chithunzi chokhacho ndicho chioneke.

Chatsala ndi khomo lolowera. Chipinda chodikiriramo chinayamba kutcheredwa chotsegula pa maakaunti aulere mu Epulo 2020, anthu osaitanidwa atayamba kulowerera m'makalasi ndi m'misonkhano n'kumaonetsa zolaula. Chimagwira ntchito ngati mlonda wa pageti: aliyense amaima kaye mpaka mwini msonkhano amuone. Apa pali mauthenga awiri ofanana amene tanthauzo lake n'losiyana. Wonena za Waiting for the host to start ukutanthauza kuti mphunzitsi sanayambitse msonkhano, kapena walowa osalemba akaunti yake, moti Zoom ikumuyesa mlendo ngati ena onse. Wonena kuti host will let you in soon ukutanthauza kuti kalasi yayamba, ndipo mwanayo akungodikira kutseguliridwa.

Kumbali ya mphunzitsi, mayina a odikira amaoneka pamwamba pa Participants, ndipo pambali pa dzina lililonse pali Admit wolowetsa ndi Remove wochotsa. Awiriwa amakhala moyandikana, ndipo chala chikaterereka n'kudina Remove, mwanayo sangabwererenso mumsonkhano womwewo pokhapokha ngati mphunzitsi anatcheratu Allow removed participants to rejoin pa akaunti yake. Vuto linanso ndi mayina. Foni yobwereka imalowa ndi dzina la mwini wake kapena la mtundu wa foniyo, ndiye mphunzitsi amangoona TECNO kapena Galaxy, osadziwa kuti ndani. Choncho amalamula kuti aliyense alembe dzina lake lenileni polowa, ndipo amene waiwala akonze ndi Rename akalowa.

Wochedwa ndi amene amavutika kwambiri. Mphunzitsi akayamba kuonetsa sikirini, mabatani amasamukira pamwamba n'kubisala, ndipo chidziwitso choti wina akudikira chimadutsa osachiona. Mwana amene netiweki inamudula n'kulowanso amabwerera kuchipinda chodikiriramo, ndipo angakhale kumeneko mpaka phunziro kutha. Pa akaunti yolipira, ntchito yotsegulira anthu ingapatsidwe kwa wothandizira podina Make Co-Host. Pa yaulere mwayi umenewu palibe, choncho mphunzitsi wathu amasiya windo la Participants lili lotsegula pambali, ndipo wasankha mwana mmodzi woti azitsegula maikolofoni n'kumuuza akaona pa WhatsApp kuti mnzawo watsala panja.