Pulinta ikamvera chingwe koma n'kusowa pa waifai

M'mashopu osindikiza mapepala, m'maofesi a sukulu ndi a mipingo, pali dandaulo limene limakonda kumveka magetsi akangoyaka atazima kwa maola angapo. Pulinta imene dzulo inkalandira ntchito kuchokera pa laputopu iliyonse m'chipindamo lero yangoti zii. Kompyuta yalemba kuti Offline, makasitomala ali pamzere ndi makalata awo ofunsira ntchito. Koma wina akatenga chingwe cha USB n'kulumikiza, pepala likutuluka bwinobwino.

Ambiri akaona izi amathamangira kwa mmisiri, ena mpaka kuyamba kufunsa mitengo ya pulinta yatsopano. N'zomvetsa chisoni, chifukwa pepala lotuluka pachingwe lija ndi umboni wakuti inki ilimo, makina ndi amoyo, ndipo kompyuta ikudziwa kulankhula nawo. Chasokonekera ndi njira yodutsa pa rauta, ndipo nthawi zambiri nkhani yake ndi ya adiresi.

Chipangizo chilichonse chikalowa pa waifai, rauta imachibwereka nambala yotchedwa IP. Dongosolo lobwereketsali ndi DHCP, ndipo nambalayo si yamuyaya. Tiyerekeze shopu ina imene rauta yake ili pa 192.168.1.1 ndipo imagawa manambala kuyambira 192.168.1.100 kulekezera 192.168.1.199. Tsiku loika pulinta, rauta inaipatsa 192.168.1.104, kompyuta n'kusunga nambala imeneyo. Kenako magetsi anazima. Marauta ang'onoang'ono ambiri akazima amaiwala zimene anagawa, ndiye atayaka, mafoni a antchito, amene mabatire awo sanathe, ndiwo anayamba kulowa. Foni ina inatenga 104. Pulinta, imene wina anakumbuka kuyatsa mochedwa, inapatsidwa 111. Kompyuta ikugogodabe pa 104, ngati mlendo amene sanamve kuti mbale wake anasamuka nyumba ya lendi ija.

Ndiye asanakhudze china chilichonse, mwini shopu afunse pulintayo kumene ili. Pafupifupi pulinta iliyonse ya waifai imatha kusindikiza lipoti la netiweki yake. Pa Epson L3150, mwachitsanzo, kudina batani lokhala ndi chilembo cha i kumatulutsa lipotilo, pamene mapulinta okhala ndi sikirini amalisunga pansi pa Network kapena Reports. Papepalapo pali mizere itatu yofunika kuizungulira ndi cholembera: SSID, lomwe ndi dzina la waifai imene pulinta yalowa, IP Address, ndiponso MAC Address, nambala ya zilembo ndi manambala 12 imene chipangizocho chinabwera nayo kuchokera ku fakitale.

Ngati papepala palembedwa 192.168.1.111, ayese pa kompyuta potsekula Command Prompt n'kulemba:

```
ping 192.168.1.111
```

Mayankho okhala ndi `bytes=32` akusonyeza kuti pulinta ili pa netiweki ndipo ikumva. Akaona `Request timed out` kapena `Destination host unreachable`, ndiye kuti njira ndi yotseka. Apa pali msampha umene umagwira ngakhale odziwa: kuyesa adiresi yakale ija ya 104 kungabweretse yankho labwino, koma woyankhayo ndi foni ya wantchito. Chochotsa chikayiko ndi kulemba adiresiyo mu bulawuza, chifukwa pulinta yeniyeni imatsekula tsamba lake lokhala ndi dzina lake.

Lipoti likhoza kunenanso zina. Adiresi yoyamba ndi 169.254 ndi imene chipangizo chimadzipatsa chokha chikalephera kulandira nambala kwa rauta, ndipo 0.0.0.0 ikutanthauza kuti sichinalowe n'komwe. Izi zimachitika wina akasintha dzina kapena pasiwedi ya waifai, pulinta n'kumasakabe zakale. Mapulinta ambiri otsika mtengo, kuphatikizapo L3150, amamva waifai ya 2.4 GHz yokha, kotero rauta ikasiyidwa pa 5 GHz yokha saiona. Komanso laputopu ikalowa pa waifai ya alendo, imene nthawi zambiri dzina lake limakhala ndi mawu akuti Guest, rauta imailetsa dala kuona zipangizo zinzake.

Pulinta ikakhala kuti yataya netiweki motere, m'pamene kuifufuta kumathandiza. Chofufuta ndi zokhudza netiweki zokha, osati zonse za mu pulintamo. Pa mapulinta a HP okhala ndi sikirini lamulo lake ndi Restore Network Settings. Pa L3150, munthu amazimitsa pulinta, n'kugwira batani la i lija kwinaku akuyatsa, mpaka timagetsi tiwiri ta waifai titayamba kuthwanima mosinthana. Timagetsito tikazima, pulinta yaiwala waifai yakale. Kuti ilowenso, amadina batani la WPS pa rauta, kenako pasanathe mphindi ziwiri amagwira batani la Wi-Fi pa pulinta kwa masekondi osachepera asanu. Rauta yopanda WPS si vuto: pulogalamu yoikira pulintayo imatha kuiuza dzina la waifai ndi pasiwedi, ndipo pa mitundu yambiri imadutsira pa chingwe cha USB chomwe chija.

Koma akalekera pomwepa, magetsi akadzazimanso nkhani idzakhala yomweyo. Pulinta iyenera kukhala ndi adiresi yosasuntha, ndipo njira zake zilipo ziwiri.

Yabwino kwambiri ndi youza rauta kuti isungire pulintayo nambala. Mwini shopu amalemba 192.168.1.1 mu bulawuza, n'kulowa ndi pasiwedi ya rauta, imene kawirikawiri imakhala pa kapepala komata kunsi kwake. Pansi pa DHCP pamakhala malo otchedwa Address Reservation kapena DHCP Reservation, malinga ndi mtundu wa rauta. Amakopera MAC Address ija mosamala kuchokera palipoti, pambali pake n'kulemba 192.168.1.111, kenako n'kusunga. Kuyambira pamenepo nambala 111 ndi ya pulinta, kaya ilowe koyamba kaya komalizira.

Marauta ena, makamaka timaifai tam'thumba, alibe malo amenewa. Zikatero adiresi imalembedwa mu pulinta mwenimwenimo kudzera pa tsamba lake lija, posintha Auto kukhala Manual. Nambala yake ikhale kunja kwa zimene rauta imagawa, monga 192.168.1.50, Subnet Mask ikhale 255.255.255.0, ndipo Gateway ikhale 192.168.1.1. Akasankha nambala ya pakati pa 100 ndi 199, tsiku lina rauta ingaipatse foni ya kasitomala, zipangizo ziwirizo n'kumalimbirana. Njirayi ilinso ndi chilema chake. Shopu ikadzasintha rauta n'kubweretsa ina ya 192.168.8.1, nambala imene zipangizo zambiri za Huawei zimagwiritsa ntchito, pulinta idzatsalira pa 192.168.1 n'kusowanso, mpaka netiweki yake itafufutidwa kachiwiri.

Chatsala ndi kuuza kompyuta. Pa Windows, mu Printer properties muli tsamba la Ports. Pamenepo amadina Add Port, n'kusankha Standard TCP/IP Port, kenako New Port, n'kulemba adiresi yosasuntha ija. Ayang'anitsitse dzina la pulinta imene akukonza, chifukwa chingwe chija chimatha kusiya pulinta yachiwiri yolembedwa Copy 1, imene doko lake ndi USB001. Ntchito yotumizidwa kumeneko chingwe chitazulidwa imangokhala pamzere. Ngati ping ikuyankha koma Windows ikukakamirabe kuti Offline, kuchotsa chizindikiro pa SNMP Status Enabled mu Configure Port nthawi zambiri kumathetsa vutolo.

Poyesa ngati zagwira, azule chingwe cha USB, azimitse rauta ndi pulinta, ayatse rauta yokha n'kulola mafoni onse alowe kaye, kenako ayatse pulinta. Lipoti latsopano liyenera kusonyeza nambala yomwe ija, ndipo Print Test Page iyenera kutulutsa pepala. Laputopu iliyonse ya m'shopumo imafunika kuikonzera doko lake payokha.