Agogo a ku Esiteti Alankhule Bwanji M'sewero Lathu?

Tikamalemba sewero la achinyamata la Sabata masana, kapena nkhani ya m'magazini ino, timakonda kutenga anthu a m'minda ya tiyi ya kuno ku Thyolo. Vuto limabwera akatsegula pakamwa. Pa sikelo ya esiteti pamamveka Chichewa, Chilomwe ndi Chingerezi nthawi imodzi. Kodi tingalembe bwanji zimenezi kuti wowerenga asapunthwe, komanso wolankhulayo asasanduke choseketsa?

Tiyambe ndi chifukwa chake nkhaniyi ikufuna kusamala. Alomwe ambiri anachokera ku Mozambique chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, n'kudzagwira ntchito m'maesiteti a Thyolo ndi Mulanje pa nthawi ya thangata. Ankanyozedwa, mpaka mabanja ambiri anasiya kuphunzitsa ana awo Chilomwe. Choncho tikaseketsa anthu ndi kalankhulidwe ka agogo achilomwe, tikukanda pachilonda chakale.

Tinaphunzira izi pa sewero lina lomwe tinalemba. Munali agogo othyola tiyi amene kalaliki anawalembera makilogalamu 30 pamene sikelo inaonetsa 35. Tinkadziwa kuti pamene Chichewa chimati "Mulungu", Chilomwe chimati "Muluku", ndiye tinaganiza zosintha "ng" aliyense kukhala "k", "nd" kukhala "t", ndi "mb" kukhala "p". Agogowo anati:

"Papo, teku laka latzatza. Mwatipera!"

Pokonzekera, wochita sewero anakakamira pa mawu oyamba, anzake n'kufa nazo kuseka. Palibe anamva kuti mayi wokalamba waberedwa makilogalamu 5. Komanso tinali titanama: palibe agogo amene amalankhula chonchi. Tinangotenga mawu amodzi n'kupanga lamulo la m'mutu mwathu.

Titalembanso, zinakhala motere:

"Bambo kalaliki, dengu langa ladzadza. Taonaninso sikeloyo."

"Agogo, mwabwera leti. Ndatseka kale buku."

"Ndayamba kuthyola mame asanaume. Muluku akuona, mwanangu." Anatero akuloza kumwamba.

Taonani zimene zasintha. Ziganizo za agogo ndi zathunthu ndiponso zolembedwa bwino, pakuti munthu akamalankhula samva kuti akulakwitsa sipelo. Tasiya mawu amodzi okha a Chilomwe, ndipo tawaika pamene mtima wawawa, poti ndi pamene chilankhulo cha kwa amayi chimatulukira. Sitinawamasulire, chifukwa chala choloza kumwamba chawamasulira kale. Mawu amodziwo akukwanira kuti wowerenga amve liwu la agogowo mpaka sewero kutha.

Taonaninso kalaliki. Nayenso akusakaniza, pakuti "leti" ndi Chingerezi. Tawalemba m'kalembedwe ka Chichewa monga timalembera "fakitale" kapena "tikiti". Apa m'pamene ambiri timakondera osadziwa: wophunzira timamupatsa mawu osalala, wosauka timamupatsa opindika. Tikatero wowerenga amaona kuti wolemba waima mbali iti, ngakhale sananene. Muyeso ukhale umodzi kwa onse.

Njira imeneyi si yachilendo kwa ife owerenga Baibulo. Pa Mateyu 26:73, anthu anamuzindikira Petro chifukwa cha kalankhulidwe kake, koma Mateyu sanapotoze mawu a Petro kuti timve Chigalileya. Anangolola ena anene zimene anamva. Pa Marko 5:41, wolemba anasunga mawu awiri a Chiaramu amene Yesu ananena podzutsa mwana wa Yairo, n'kupereka tanthauzo lake pomwepo. Ifenso tikhoza kulemba kamodzi kuti, "Chichewa chawo chinali ndi kamvekedwe ka Chilomwe," kenako n'kuwasiya alankhule momveka.

Njirayi ili ndi malire. Ngati agogo akulankhula Chilomwe chokhachokha ndi mnzawo, mawu amodzi sangaonetse zimenezo. Pamenepo tinene kuti akulankhula m'Chilomwe, n'kulemba zokambiranazo m'Chichewa chabwino. Ndipo mawu alionse a Chilomwe amene sitikuwadziwa bwino, tikafunse kwa mwini chilankhulo tisanawalembe. Alipo ambiri m'mipingo yozungulira Malamulo ndi Makwasa.

Nanga tingadziwe bwanji kuti tapitirira muyeso? Tipatse mnzathu amene sanaonepo zolembazo kuti aziwerenge mokweza. Akaima n'kubwereza mawu, ndiye kuti tachulutsa. Kenako timvetsere pamene anthu akusekera. Akaseka chifukwa agogo ayankha mochenjera, zili bwino. Akaseka agogo asanamalize n'komwe chiganizo, akuseka mtundu wawo, ndipo mzerewo uchotsedwe.

Tsiku la sewero lachiwirilo, agogo atanena za Muluku, m'tchalitchi munangoti zii. Potuluka, anthu ankatsutsana za makilogalamu 5 aja.