Kupeza yankho n'kwina, kulitsimikiza n'kwina

Ndimaphunzitsa sayansi ya makompyuta. Chaka chilichonse ndikafika pa mutu wa P ndi NP, ndimayamba ndatseka kompyuta n'kutenga choko. Mutu umenewu anthu amauopa chifukwa cha zilembo zake, koma phata lake ndi funso limene aliyense angalimve: ngati yankho la funso ndi losavuta kulitsimikiza munthu akakupatsa, kodi ndiye kuti ndi losavutanso kulipeza wekha? Ndikufuna tiliyendere limodzi funsoli, ndipo tiyambire pa nkhani yaing'ono.

Tiyerekeze kuti tikusankha komiti yoyang'anira mjigo. Anthu amene akuganiziridwa alipo anayi, ndipo tiwatchule a, b, c ndi d. Aliyense akhoza kulowa kapena kutsala. Koma msonkhano waika malamulo asanu ndi limodzi. Loyamba: pakati pa a ndi b, mmodzi kapena onse alowe, popeza ndiwo amadziwa kulemba ndalama m'buku. Lachiwiri: a ndi c asakhalire limodzi. Lachitatu: b akalowa, d alowenso. Lachinayi: d akalowa, pakhale a kapena c. Lachisanu: a ndi d asakhalire limodzi. Lomaliza: pakati pa c ndi d, pasalephere kulowa mmodzi. Funso ndi lakuti: kodi ilipo komiti yokwaniritsa malamulo onsewa? Yankho lake ndi inde kapena ayi basi.

Pantchito yathu malamulowa timawalemba chonchi:

```
(a ∨ b) ∧ (¬a ∨ ¬c) ∧ (¬b ∨ d) ∧
(¬d ∨ a ∨ c) ∧ (¬a ∨ ¬d) ∧ (c ∨ d)
```

Chizindikiro ∨ chimawerengedwa kuti "kapena", ∧ ndi "komanso", ndipo ¬ ndi "osati". Wolowa timamulembera 1, wotsala 0. Lamulo lachitatu lija lalembedwa kuti "b asalowe, kapena d alowe", ndipo mukaliganizira bwino muona kuti tanthauzo lake silinasinthe. Funso lofuna kudziwa ngati pali kagawidwe ka 1 ndi 0 kokhutiritsa malamulo onse nthawi imodzi ndilo limatchedwa SAT.

Tsopano wina wabwera ndi kapepala kolembapo manambala anayi:

```
a=0  b=1  c=1  d=1
```

Iye akuti yankho ndi inde, ndipo umboni wake ndi kapepalako. Kodi tichite kumukhulupirira? Palibe chifukwa, tingathe kuona tokha. Lamulo loyamba likufuna a kapena b. B walowa, ladutsa. Lachiwiri ladutsa chifukwa a watsala. Lachitatu likufuna d, ndipo d alimo. Lachinayi lakhutira ndi c. Lachisanu ladutsanso chifukwa a palibe. Lomaliza lili ndi c ndi d yemwe. Zilembo zonse za m'malamulowa zilipo 13, choncho ngakhale zitavuta bwanji, sitingayang'ane pakapepala koposa ka 13. Sitinafunse kuti mwini kapepala yankholi analipeza bwanji, kaya anachita kulota kaya anachezera nalo usiku wonse. Kapepalako kakudziyankhulira kokha. Izi ndiye timazitcha umboni, ndipo ndondomeko imene tatsatayi ndiyo yotsimikizira.

Onani chimene chimachitika umboni ukakhala wolakwika. Wina abwere ndi a=1, b=0, c=0, d=1. Malamulo anayi oyamba adutsa bwinobwino, koma pa lachisanu tigwira cholakwa: a ndi d akhalira limodzi. Kapepalako takakana. Apa ndi pamene ophunzira anga ambiri amapunthwa, chifukwa amafulumira kunena kuti ndiye yankho la funso lonse ndi ayi. Sichoncho. Takana kapepala kamodzi, sitinakane funso. Chofunika kwa wotsimikizira ndi zinthu ziwiri: ngati yankho loona ndi inde, pakhale umboni ngakhale umodzi umene angauvomere, ndipo ngati yankho loona ndi ayi, pasapezeke umboni wabodza uliwonse womupusitsa.

Nanga pakanapanda wobweretsa kapepala? Tikanayenera kufufuza tokha. Munthu aliyense ali ndi mbali ziwiri, kulowa kapena kutsala, ndiye anthu anayi akupereka makomiti 16 otheka. Amenewa tingawayese onse tisanamalize kapu ya tiyi. Koma munthu mmodzi akaonjezereka, chiwerengero chimawirikiza kawiri. Anthu 10 akupereka 1,024. Anthu 20 akupitirira miliyoni. Pa anthu 100, nambala yake ili ndi madijiti 31, ndipo kompyuta yoyesa makomiti biliyoni imodzi pa sekondi ingatenge zaka pafupifupi 40 thiliyoni kuti iwamalize. Komabe wina atabweretsa kapepala ka manambala 100, kukatsimikiza kungakhale ngati kuja tachita: kuyenda m'malamulo kamodzi, kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Kusiyana kumeneku ndiko kumatipatsa tanthauzo la mawu akuti "msanga". Sitiyeza ndi wotchi, chifukwa makompyuta amasiyana liwiro. Timawerenga masitepe, n'kuona mmene akukulira funso likamakula. Ngati kukula kwa funso ndi n, ndipo masitepe sapitirira n² kapena n³ kapena mphamvu ina yosasintha ya n, timati ndondomekoyo imatha m'nthawi ya polinomiyo. Pa n², funso likakula kawiri ntchito imakula kanayi, ndipo zimenezi n'zopiririka. Pa n³, funso la kukula 100 lifuna masitepe miliyoni imodzi, omwe kompyuta ija ingawamalize sekondi isanathe n'komwe. Koma pa 2ⁿ, n wakwera pamwamba, ndipo n'chifukwa chake zaka zija zinafika m'mathiliyoni. Muyezo umenewu unakhazikika cha m'ma 1965 kudzera m'zolemba za Alan Cobham ndi Jack Edmonds. Uli ndi chilema chake, chifukwa n¹⁰⁰ nayonso ndi polinomiyo ngakhale palibe kompyuta ingaipirire, koma ubwino wake ndi wakuti sudalira mtundu wa makina amene muli nawo.

Tsopano magulu awiri aja atha kumveka. P ndi gulu la mafunso a inde kapena ayi amene pali ndondomeko yowayankha m'nthawi ya polinomiyo. NP ndi gulu la mafunso amene, yankho likakhala inde, pamakhala umboni waufupi wotheka kuutsimikiza m'nthawi ya polinomiyo. Mawu akuti waufupi ndi ofunika: nawonso umboniwo kutalika kwake kusapitirire polinomiyo ya kukula kwa funso, apo ayi kungouwerenga kokha kungatidyere nthawi yonse. Chilembo N sichitanthauza kukana, ngati kuti NP ndi mafunso amene sali mu P. Chinachokera ku makina ongoganiziridwa, amene amaloledwa kulota yankho kenako n'kulitsimikiza. Ndipotu funso lililonse la mu P lili mu NP, chifukwa amene angathe kupeza yankho yekha msanga akhoza kuika kapepala pambali n'kudziwerengera.

Pali mbali ina imene ndimakonda kuionetsa pa bolodi. Tionjezere lamulo lachisanu ndi chiwiri, lakuti b ndi c asakhalire limodzi. Tiyese a atalowa: lamulo lachiwiri lichotsa c, lachisanu lichotsa d, ndipo lachisanu ndi chimodzi lagwa. Ndiye a ayenera kutsala. Zikatero b ayenera kulowa, b akoka d, d akoka c, ndipo b ndi c akumana, zomwe lamulo latsopano likuletsa. Komiti palibe, yankho ndi ayi. Pa anthu anayi tatha kusonyeza zimenezi m'ziganizo zochepa. Koma pa SAT yonse, palibe amene wapeza njira yoperekera umboni waufupi wa ayi nthawi zonse. Inde ali ndi kapepala kake. Ayi angafune kuti utseke makomo onse limodzi ndi limodzi. N'chifukwa chake tanthauzo la NP limakamba za inde yekha.

Chimene chimapatsa SAT ulemu wapadera chinaonetsedwa ndi Stephen Cook wa ku Yunivesite ya Toronto mu 1971, ndipo Leonid Levin ku Soviet Union anafika pa mfundo yomweyo payekha m'zolemba zimene zinatuluka mu 1973. Ganizo lake ndi ili. Wotsimikizira aliyense ndi pulogalamu, ndipo pulogalamu ikamayenda imangosintha ma 1 ndi ma 0 potsata malamulo. Kuyenda kwake konse tingakulembe ngati malamulo a mtundu wa komiti ija, manambala a umboni n'kukhala zilembo zosadziwika. Malamulowo amakhutiritsidwa pokhapokha ngati ulipo umboni umene pulogalamuyo ingauvomere. Kotero funso lililonse la mu NP lingasandulidwe kukhala SAT popanda kufufuma mopitirira polinomiyo. Wopeza njira yachangu ya SAT wapeza njira ya gulu lonse. Mu 1972 Richard Karp anasonyeza mafunso 21 a mphamvu yomweyo, ena okhudza kupaka mitundu pa mfundo zolumikizana, ena okhudza ulendo wodutsa malo aliwonse kamodzi.

Ndisakusiyeni ndi ganizo lakuti SAT iliyonse ndi yosatheka. Lamulo lililonse likakhala ndi zilembo ziwiri zokha, funsolo lili mu P: umangotsata unyolo wa "uyu akalowa, uyo atsale" monga tachitira pamwambapa. Zilembo zikafika zitatu pa lamulo, kuvuta konse kwa NP kumalowa. Ngakhale apo, mapulogalamu amakono amayankha tsiku ndi tsiku mafunso a SAT a zilembo zikwi mazanamazana, makamaka poyesa ngati mapulani a tizipangizo ta m'kompyuta alibe cholakwa. Amatha kutero chifukwa mafunso ochokera ku ntchito zenizeni amakhala ndi dongosolo lothandiza kudula njira zambiri. Koma alipo mafunso ena aang'ono ndithu amene mapulogalamu omwewo amakanirira. Muyezo wa P umafuna ndondomeko yosagonja pa funso lina lililonse, osati pa ambiri chabe.

Ndiye kodi P ndi NP ndi gulu limodzi? Ine, monga anzanga ambiri pantchitoyi, ndimakhulupirira kuti ayi, kuti kufufuza n'kovutadi kuposa kutsimikiza. Koma kukhulupirira si umboni. Zaka zoposa 50 za kulephera kupeza njira yachangu sizisonyeza kuti njirayo kulibe. Mu 2000 bungwe la Clay Mathematics Institute linaika funsoli pakati pa mafunso asanu ndi awiri a masamu amene lililonse lili ndi mphotho ya madola miliyoni imodzi, ndipo mphotho ya P ndi NP sinatengedwebe.

Pempho langa kwa inu owerenga ndi ili: tengani pepala, lembani malamulo asanu ndi limodzi aja, muyese makomiti onse 16 mmodzimmodzi. Mupeza kuti wodutsa ndi mmodzi yekha. Kenako yerekezani nthawi imene mwatha ndi imene tinatha potsimikiza kapepala kaja. Mukamva kusiyana kumeneko m'manja mwanu, funso la P ndi NP mwalimvetsa.